Kokitelo Ikamatuluka Yosukuluka, Yambuu Kapena Yopanda Moyo: Liti Tikhutchumule, Liti Titakase

Dandaulo la opanga kokitelo, chakumwa cha mowa wosakaniza ndi zinthu zina, limabwera m'njira ziwiri. Wina amati wathira wisiki wabwino ndi vemuti, vinyo wokometsedwa ndi zitsamba, pa muyezo woyenera, wakhutchumula ndi mphamvu zake zonse, koma kokitelo yake ya Manihatani yatuluka yambuu, yathovu pamwamba, ndipo mkamwa ikumveka ngati yathiridwa madzi. Mnzake amati Dayikiri yake ikuwawasa mokanda kukhosi, ramu akumveka payekha, layimu payekha, ngakhale anatakasa mpaka dzanja kutopa. Onse awiri amathamangira kusintha botolo kapena muyezo, chonsecho vuto lili pa mmene asakanizira ndiponso pa ayisi amene agwiritsa ntchito.

Lamulo limene anthu ogulitsa m'mabala amaphunzitsana ndi lalifupi. Kokitelo yokhala ndi madzi a zipatso, choyera cha dzira kapena kirimu imakhutchumulidwa. Kokitelo yopangidwa ndi mowa wokhawokha, monga Matini, Manihatani ndi Negironi, imatakasidwa. Lamuloli ndi loona, koma munthu amene waliloweza osadziwa chifukwa chake amasowa pogwira kapu ikalakwika. Nchifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi zimene zimachitika ayisi akakumana ndi mowa.

Kuzizira ndi madzi zimayendera limodzi

Ayisi saziziritsa chakumwa chifukwa chakuti ndi wozizira chabe. Ntchito yaikulu imachitika pamene akusungunuka. Galamu imodzi ya ayisi ikamasanduka madzi imayamwa kutentha kokwanira kutsitsa magalamu pafupifupi 80 a madzi ndi digiri imodzi. Choncho kuzizira kulikonse kumene mukumva mu tambula kwagulidwa ndi ayisi wosungunuka, ndipo madzi akewo alowa m'chakumwa. Simungapeze kokitelo yozizira kwambiri koma yopanda madzi, pokhapokha mabotolo ake anali kale ozizira.

Madziwo si mdani. Ndi gawo la kokitelo, ngakhale salembedwa pa mndandanda wa zothira. Mu kokitelo yopangidwa bwino, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a zimene zili mu tambula ndi ayisi wosungunuka. Madzi amenewa ndiwo amafewetsa ukali wa mowa kuti fungo ndi kakomedwe zimveke.

Kutakasa ndi kukhutchumula zonse zimachita ntchito imeneyi, koma pa liwiro losiyana. Mu sheka, zitini ziwiri zovindikirana zokhutchumuliramo, ayisi amawombana ndi chakumwa mwamphamvu, ndipo pakatha masekondi 10 mpaka 15 chakumwa chimakhala chafika pozizira pake penipeni, madigiri angapo kunsi kwa ziro. Mowa umachititsa kuti chisaundane ngakhale chafika pamenepo. Mukapitiriza kukhutchumula kupyola apa, zosintha zimakhala zochepa kwambiri. Kutakasa kumayenda pang'onopang'ono. Pa masekondi 30 chakumwa chimakhala chikuzizirabe, ndipo kawirikawiri timachichotsa chisanafike pamene sheka ikanachifikitsa. Ndiye kuti kokitelo yotakasa imatuluka yozizira mocheperako, ya madzi ochepa, komanso yaukali kuposa yokhutchumula.

Kusiyana kwina, kumene kuli kofunika kuposa onse, ndi mpweya. Sheka imamenyera timathovu tambirimbiri m'chakumwa, pamene supuni silowetsa mpweya ngakhale pang'ono ngati mukutakasa bwino. Funso loti mudzifunse musanayambe ndi ili: kodi zimene ndathira muno zingasunge mpweya, ndipo kodi zikuufuna?

Manihatani yambuu ndi yosukuluka

Titenge Manihatani wamba: mamililita 60 a wisiki, mamililita 30 a vemuti wotsekemera, ndi madontho ochepa a bitazi, mowa wowawa wa zitsamba wokometsera. Zonse pamodzi ndi mamililita 90. Ngati wisiki wanu ndi wa 40 peresenti ndipo vemuti ndi wa 16 peresenti, zosakanizazo zili ndi mowa weniweni wokwana mamililita pafupifupi 29, kutanthauza kuti ukali wake uli pa 32 peresenti ayisi asanalowe.

Zinthu zitatuzi ndi zopyapyala ndipo zimasakanikirana mosavuta. Palibe chofunika kuchimenya kuti chigwirizane ndi chinzake. Kukoma kwa Manihatani kuli pa kulemera kwake palilime, kuterera kwake pomeza, ndi kuoneka mbee mukaiyang'ana powala. Mukaikhutchumula, mpweya umadula kuterera kuja. Vemuti amapangidwa kuchokera ku vinyo ndipo amachita thovu, choncho pamwamba pamabwera kathovu kotuwa kosasangalatsa m'maso. Mbuu wa mkatimo umatha pakapita kanthawi, chifukwa mowa pawokha sutha kugwira timathovu, koma madzi owonjezera aja sachoka. Tizibenthu ta ayisi tosweka mu sheka timayandamanso pamwamba, n'kumasungunuka inu mukumwa.

Njira yabwino yodziwira chimene chalakwika ndi kuyeza, osati kungoganizira. Mukamaliza kusakaniza, sefelani chakumwacho m'kapu yoyezera musanachithire mu tambula. Manihatani yotakasa bwino imatuluka pa mamililita pafupifupi 120, ndipo ukali wake umatsikira cha pa 24 peresenti. Ikatuluka pa 140 kapena kuposa, ukali wafika cha pa 20 peresenti, ndipo kusukuluka kumene mukumva ndi komweko. Ikatuluka pa 100 kapena 105, simunatakase mokwanira. Imeneyo imakhala yofunda, imatentha pakhosi, ndipo vemuti amamveka wotsekemera mopitirira.

Kutakasa kwake kuli motere. Thirani zonse mu tambula yotakasiramo, kenako ikani ayisi wochuluka mpaka apitirire pamwamba pa chakumwa. Lowetsani supuni yaitali, msana wake utsamire khoma la tambula, ndipo muiyendetse mozungulira khomalo kuti ayisi yense azizungulira ngati mbulu umodzi. Mukamva ayisi akuphokosera kapena mukaona timathovu, ndiye kuti mukupondereza supuni m'malo moizunguza. Pakatha masekondi 20, lawani kadontho. Ngati mowa ukuluma lilime, pitirizani masekondi ena 10 mulawenso. Masekondi 30 amene amatchulidwa kawirikawiri ndi poyambira chabe, popeza ayisi wa munthu wina sasungunuka mofanana ndi wa mnzake.

Ena amanena kuti kukhutchumula kumavulaza jini, mowa wopangira Matini. Mawuwa musawatengere pamtima. Chimene lilime limamva mu Matini yokhutchumula ndi madzi ochuluka, kuzizira kwambiri ndi mpweya. Ngati wina amaikonda choncho, mpangireni, kungoti mudziwe kuti mukumupatsa chakumwa chopepukirako.

Ngati mwatakasa bwino koma ikusukulukabe

Apa wolakwa amakhala ayisi pafupifupi nthawi zonse. Ayisi amene wakhala m'mbale kwa mphindi zingapo amayamba kunyezimira, ndipo kunyezimirako ndi madzi amene amukuta thupi lonse. Madzi amenewa anasungunuka kale, ntchito yawo yoziziritsa anaigwirira m'mbale, ndiye akalowa m'chakumwa amangochisukulutsa. Mibulu ikakhala ing'onoing'ono vuto limakula, chifukwa mibulu ing'onoing'ono yambiri imanyamula madzi ochuluka pa matupi awo kuposa ikuluikulu yochepa ya kulemera komweko. Ayisi wophwanyidwa ndiye woipitsitsa pa ntchito imeneyi.

Tulutsani ayisi mu firiza pa nthawi imene mukufuna kumugwiritsa ntchito. Ngati wakhalitsa kunja, muikeni mu tambula yotakasiramo kapena mu sheka poyamba, vindikirani ndi sefa, tembenuzani ndi kukutumula madzi onse atuluke, kenako muthire mowa.

Cholakwika china chimachokera pa maganizo ooneka ngati anzeru, akuti ayisi wochepa ndiye madzi ochepa. Zoona zake n'zakuti mibulu iwiri kapena itatu yoyandama m'chakumwa imachedwa kuziziritsa, munthu amatakasa nthawi yaitali, ndipo kutentha kwa dzanja, kwa tambula ndi kwa chipinda kumapitiriza kusungunula ayisi popanda phindu. Ayisi wochuluka amamaliza ntchito msanga, ndipo wotsalayo mumamutaya asanasungunuke.

Onaninso kutentha kwa ziwiya ndi mabotolo. Tambula yotakasiramo yochindikala, ikakhala yofunda, imadya gawo la kuzizira, ndipo ayisi amasungunuka kwambiri kuti aziziritse galasi ndi chakumwa chomwe. Itsukuluzeni ndi ayisi ndi madzi musanayambe. Tambula yomweramo nayo iikeni mu firiza kwa mphindi zochepa. Palinso vuto lotembenuka: amene amasunga jini mu firiza amadabwa kuti Matini yawo ikuluma ngakhale atakasa nthawi yaitali. Jini wozizira kale sasungunula ayisi, ndiye madzi salowa. Ngati mumakonda kutero, thirani madzi ozizira pang'ono mwadala, mamililita 20 mpaka 25 pa kokitelo imodzi.

Pomaliza pa zotakasa, ngati muyezo wa madzi uli bwino koma kakomedwe kakumveka kozilala, nunkhizani vemuti. Iye ndi vinyo, ndipo akatsegulidwa amayamba kuguga. Malo ake ndi mu firiji, ndipo asakhale miyezi yambiri. Palibe katakasidwe kangabwezere moyo mwa vemuti woguga.

Dayikiri yokanda kukhosi

Tsopano titembenukire mbali ina. Dayikiri ili ndi mamililita 60 a ramu woyera, 25 a madzi a layimu wofinyidwa kumene, ndi 15 mpaka 20 a madzi a shuga, kutanthauza shuga wosungunulidwa m'madzi pa muyezo wofanana. Apa muli zinthu zitatu zosiyana kulemera. Madzi a shuga ndi olemera ndipo amathamangira pansi, ramu ndi wopepuka, ndipo madzi a layimu ali ndi tinyenyeswa ta chipatso tosasungunuka.

Kutakasa kwa nthawi yaitali kungathe kuzisakaniza, zimenezo n'zosakanika. Koma pali zinthu ziwiri zimene supuni singapereke. Choyamba ndi kuzizira kwakukulu ndi madzi ochulukirapo, zimene kuwawasa kwa layimu ndi kutsekemera kwa shuga zimafuna kuti zisalemere mkamwa. Chachiwiri ndi mpweya. Madzi a zipatso ali ndi tinthu timene timagwira timathovu kwa kanthawi, ndipo timathovu timeneti timafewetsa kuwawasa n'kupangitsa chakumwa kumveka chopepuka, chamoyo. Mbuu umene unali chilema pa Manihatani suvuta pano, popeza madzi a layimu ndi ambuu kale.

Mukapeza Dayikiri yowawasa mokanda, musathamangire kuwonjezera shuga. Yambani mwayeza. Zothira zake ndi mamililita pafupifupi 100, ndipo ikakhutchumulidwa bwino imatuluka cha pa 150. Ikatuluka pa 120 kapena 125, mwakhutchumula mwaulesi kapena mwachidule. Dzazani ayisi mu sheka, tsekani bwino, gwirani ndi manja awiri, ndipo ayisi aziyenda kuchokera kumapeto kwina kukawomba kumapeto kwina. Kugwedeza sheka pang'onopang'ono n'chimodzimodzi kutakasa m'chitini chotseka. Pakatha masekondi 12 kapena 15, kunja kwa chitini kumachita nkhungu yoyera ndipo zala zimayamba kuwawa ndi kuzizira. Pamenepo ntchito yatha.

Sefani kawiri, kudzera pa sefa ya pakamwa pa sheka ndi kasefa ka mabowo ang'onoang'ono kogwirizira pamwamba pa tambula, kuti tizibenthu ta ayisi ndi nyenyeswa za layimu zitsale. Kenako perekani nthawi yomweyo. Timathovu tija timatha m'mphindi zochepa, ndipo Dayikiri imene yadikira pa tebulo imafika kwa mwini wake itataya chimene munaikhutchumulira. Mukamapanga makokitelo angapo nthawi imodzi, yambani ndi otakasa, okhutchumula abwere pomaliza.

Sheka ikakana kutseguka mukamaliza, si kuti yawonongeka. Mpweya wa mkati wazizira n'kufota, ndiye zitini zagwirana. Menyani ndi chikhatho m'mbali, pamene zitini ziwirizo zayamba kupatukana, ndipo idzamasuka.

Uchi nawo umapusitsa anthu. Ukakhudza ayisi umalimba n'kumatirira pa chitini, ndipo kokitelo imatuluka yowawasa chifukwa chotsekemeretsa chake chatsala m'mbuyo. Usungunuleni kaye ndi madzi ofunda musanauthire.

Thovu la dzira likakana

Pa makokitelo a choyera cha dzira, monga wisiki wosakaniza ndi mandimu ndi shuga, kutakasa sikungagwire ntchito n'komwe. Mapuloteni a m'choyeracho amafunika kumenyedwa kuti atambasuke ndi kukuta timathovu, apo ayi mumangopeza chinthu chonanda chikuyandama mu tambula.

Njira yofala ndi kukhutchumula kawiri. Poyamba mumakhutchumula zonse popanda ayisi kwa masekondi 10 mpaka 15 kuti thovu limangike, kenako mumaika ayisi n'kukhutchumulanso kuti chizizire. Chenjerani pa ulendo woyambawo. Popeza mulibe ayisi, mpweya sufota, zitini sizigwirana, ndipo thovu likamakula limakankha chivindikiro. Gwiritsitsani mbali zonse ziwiri, apo ayi muvala kokitelo yonse pa malaya. Ena amatembenuza dongosolo: amayamba ndi ayisi, amasefa, kenako amakhutchumulanso popanda ayisi. Njira imeneyi imapereka thovu lalitali koma la maso akuluakulu. Ine ndimakonda yoyambayo, chifukwa thovu lake limakhala losalala ndipo limakhalitsa.

Thovu likakana kubwera, chifukwa chake chimakhala mafuta nthawi zambiri. Kadontho ka chikasu cha dzira kakagwera m'choyera, kapena sheka ikakhala ndi zotsalira za kirimu, mapuloteni aja amalephera kugwira mpweya. Tsukani sheka ndi sopo ndipo mulekanitse dzira mosamala. Dzira lokhalitsa limaperekanso thovu lofooka ndi kafungo kosakoma. Kumbukirani kuti dzira ndi laliwisi ndipo lingathe kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, choncho muuzeni womwa kuti muli dzira, ndipo musampatse munthu amene thupi lake ndi lofooka. Madzi a m'chitini cha nyemba zotchedwa chikipi amachita thovu mofanana ndipo angalowe m'malo mwake.

Pamene lamulo lija silikwanira

Chilichonse chokhala ndi gasi, kaya soda, toniki kapena vinyo wothetheka, sichilowa mu sheka. Chimaphulitsa chivindikiro, ndipo chotsalacho chimakhala chitatha gasi. Pa kokitelo ya jini, mandimu, shuga ndi soda, khutchumulani zitatu zoyambazo, sefelani mu tambula ya ayisi, thirani soda pamwamba, kenako nyamulani pansi kamodzi ndi supuni.

Madzi a tomato ndi a chipatso, komabe sakonda sheka. Akamenyedwa amachita thovu lofiirira ndipo amataya kulemera kwake. Kokitelo ya vodika ndi tomato imayenda bwino mukaitsanulira kuchoka m'chitini china kupita m'china kangapo, ayisi atatsekeredwa ndi sefa mbali imodzi. Madzi a chinanazi ndi khofi wopangidwa kumene ndi zosiyana ndi tomato: zimachita thovu lokongola zokha, popanda dzira, ndipo zimafuna kukhutchumulidwa mwamphamvu.

Kirimu amakhutchumulidwa ngati mukufuna kuti alowerere m'chakumwa chonse, koma ngati cholinga ndi choti ayandame pamwamba pa mowa wa khofi, mumangomutsanulira pa msana wa supuni. Akakumana ndi madzi a mandimu amatha kudukaduka, makamaka zikakhala nthawi mu sheka musanayambe. Muthireni pomaliza ndipo mukhutchumule nthawi yomweyo.

Nanga kokitelo ya mowa wokhawokha yokhala ndi kasupuni kamodzi ka madzi a mandimu, kapena yogwiritsa ntchito madzi a layimu osefedwa mpaka kuyera? Apa dzifunseni funso lija la mpweya. Ngati madzi a chipatsowo ndi ochepa kwambiri kapena mulibe nyenyeswa zogwira thovu, sheka sikupatsani chilichonse kupatula madzi owonjezera, ndiye takasani. Mukakayikabe, yezani zothira zokwanira makokitelo awiri m'kapu imodzi, gawani pakati, takasani theka lina ndi kukhutchumula linalo ndi ayisi wotuluka mu firiza nthawi imodzi. Yezani mamililita a chilichonse, lawani nthawi yomweyo, mulawenso pakatha mphindi zisanu, chifukwa munthu samaliza tambula pa kupapira kumodzi ndipo yokhutchumula ndiyo imasintha msanga.